Golide, chokutira golide ndi galasi: mafunso amene ogula ndi ogulitsa amandifunsa ku Zomba

Ndimagulitsa komanso kukonza mphete, ndolo, matcheni ndi zibangili kuno ku Zomba. Madandaulo ambiri amene amandipeza pa kauntala sayamba ndi katundu woipa ayi. Amayamba ndi mawu. Wogulitsa anati “ndi golide” pamene amatanthauza mtundu wake, wogula anamva kuti ndi golide mpaka m'kati. Patatha miyezi itatu chala chabiriwira, chibale chatha. Mafunso awa ndi amene ndimawamva kawirikawiri, kwa ogula ngakhalenso kwa anzanga ooda katundu.

Mukati “golide weniweni” mumatanthauza chiyani?

Ndimatanthauza kuti mutaidula mpheteyo pakati ndi sowo, chimene mungaone m'kati n'chimodzimodzi ndi cha pamwamba. Sindikutanthauza kuti ndi golide yekhayekha. Golide wosasakaniza n'kanthu ndi wofewa kwambiri, mphete yake ingapindike mutangonyamula chidebe cha madzi. N'chifukwa chake osula amamusakaniza ndi kopa, siliva kapena zinki kuti alimbe.

Kuchuluka kwa golide m'chisakanizocho amakuwerenga m'makarati, ndipo mulingo wake wonse ndi magawo 24. Golide wa makarati 18 ali ndi magawo 18 a golide pa magawo 24, kutanthauza 750 pa 1000. Wa makarati 14 ali ndi 585, wa makarati 9 ali ndi 375, wa makarati 22 ali ndi 916. Manambala amenewa ndi amene mumawaona m'kati mwa mphete kapena pa kachitsulo kapafupi ndi loko wa tcheni. Mphete zambiri za ukwati zochokera ku South Africa zimakhala za makarati 9. Golide wake safika theka, komabe ndi golide weniweni, sadzasenda, chifukwa palibe chosenda. Ndiye mawu oti “golide” asamayende okha. Nenani “golide wa makarati 9” kapena “golide wa makarati 18”, chifukwa mphete ziwiri zolemera mofanana, ina imakhala ndi golide wochuluka kawiri kuposa inzake.

Siliva nayenso ndi choncho. Amene amapangira zodzikongoletsera amakhala ndi magawo 925 a siliva pa 1000, otsalawo kawirikawiri ndi kopa. Chidindo chake ndi 925.

Nanga chokutira golide? Si golide yemweyo?

Wapamwambapo ndi golide ndithu. Funso ndi lakuti alipo wochuluka bwanji, ndipo waphimba chiyani.

Pokutira, amamiza chinthu cha bulasi kapena chitsulo m'madzi amankhwala momwe mwasungunuka golide, n'kudutsitsamo magetsi, golide n'kumamatira pamwamba. Kukhuthala kwake amakuyeza m'mamayikuloni. Mayikuloni imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1000 a milimita, ndipo tsitsi limodzi la munthu limakhala mamayikuloni pafupifupi 70. Katundu wambiri wotchipa amakutiridwa ndi golide wosakwana n'komwe theka la mayikuloni. Wokutiridwa bwino amafika mamayikuloni 2 kapena 3.

Tiwerengere pa mphete yaukwati yopanda mwala, yotambalala mamilimita 4. Kunja ndi m'kati mwake pamodzi ndi malo osakwana masikweya sentimita 5. Mukaikutira ndi mayikuloni imodzi, golide yense amene wapitapo sakwana magalamu 0.01. Mphete ya makarati 9 yolemera magalamu 4 ili ndi golide magalamu 1.5. Yachiwiriyi ili ndi golide wochuluka kuposa ka 150, koma zonse zili zatsopano pa thebulo, maso sangasiyanitse. Ndipotu yokutirayo nthawi zina ndi imene imawala chikasu kwambiri, chifukwa golide wapamwambapo amakhala wa makarati ambiri.

Pofotokoza chokutira, yambani ndi cha m'kati. “Bulasi wokutira golide.” “Chitsulo chosachita dzimbiri chokutira golide.” “Siliva 925 wokutira golide.” Mukayamba ndi mawu oti golide, khutu la wogula limaima pomwepo, zotsatirazo sazimvanso.

Mphete yanga yalembedwa 18K. Si umboni umenewo?

Onaninso bwino ndi galasi lokuzira, mwina pali zilembo zina zotsatira. `18K GP` kapena `18K GEP` ndiye kuti yangokutiridwa ndi golide wa makarati 18. `HGE` n'kukutira kokhuthalako pang'ono, koma n'kukutirabe. `GF` ndi china: pamenepo chipepala cha golide amachiphatika pa bulasi ndi moto ndi kupsinja, ndipo mwa lamulo la ku America golideyo ayenera kukwana gawo limodzi mwa magawo 20 a kulemera konse. N'chifukwa chake mumaona `1/20 14K GF`. Chimenechi chimakhalitsa zaka, koma m'kati ndi bulasi. Mukaona `925` pa chinthu chachikasu, ndi siliva wokutira golide. Pa mapepala a katundu amachilemba kuti `vermeil`, ndipo ku America dzinali amalilola pokhapokha golideyo atafika mamayikuloni 2.5.

Ngakhale zilembo zina palibe, chidindo chokha si umboni. Kachitsulo kodindira “18K” aliyense atha kukagula, ndipo bulasi sakana chidindo. Kuli mayiko monga Britain kumene ofesi yapadera imayeza chinthu chilichonse chisanadindidwe. Katundu amene ambirife timaoda pa Kariakoo ku Dar es Salaam kapena pa foni kuchokera ku China sadutsa m'manja ngati amenewo. Ine chidindo ndimachitenga ngati zonena za wopanga. Ndimachimva, kenako ndimayeza.

Mumayeza bwanji popanda makina okwera mtengo?

Ndikuuzeni za tcheni chimene mayi wina anabwera nacho. Anati, “Achimwene, mlamu wanga akufuna ndimubwereke ndalama, wandisiyira ichi ngati chikole. Akuti n'cha golide, anachigula ku Joni. Tandionerani.” Tchenicho chinali chonenepa bwino, pa loko panali 750.

Ndinayamba ndi maginito. Sanakoke tchenicho, anangokoka pa loko, ndipo zimenezo n'zabwinobwino chifukwa kasipuling'i ka m'kati mwa loko kamakhala kachitsulo ngakhale pa tcheni cha golide weniweni. Amayiwo anamwetulira, ine ndinawauza kuti asafulumire. Maginito amangogwira mbava yopusa. Akakoka, ndiye kuti m'kati muli chitsulo kapena nikelo, nkhani yatha. Akapanda kukoka simunadziwe kanthu, chifukwa bulasi ndi kopa nazonso sizikokedwa.

Kenako ndinayang'ana ndi galasi lokuzira ka 10 pamene timphete ta tcheni timakhulana, ndi m'mphepete mwa loko pamene zala zimagwira. Chokutira chimayamba kuperepeseka pamenepo. Ndinaona timadontho tofiirira, koma sindinafune kugamula ndi maso okha.

Ndiye tinayeza kulemera kwake poyerekeza ndi madzi. Pamafunika sikelo yaing'ono yowerenga mpaka 0.01 ya galamu, kapu ya pulasitiki yopepuka ndi ulusi. Tcheni chouma chinalemera magalamu 24.0. Ndinaika kapu ya madzi pa sikelo, n'kubwezera sikelo pa ziro. Ndinamanga tchenicho ndi ulusi n'kuchimiza chonse m'madzi chili lende, osagunda pansi kapena m'mbali mwa kapu. Sikelo inawerenga 2.8. Nambala imeneyi ndi kulemera kwa madzi amene tcheni chawakankha, ndipo mumagawa kulemera kwa tcheni chouma ndi nambalayi.

```
24.0 / 2.8 = 8.6
```

Golide wosasakaniza amapereka 19.3. Wa makarati 18 amapereka pafupifupi 15.5, wa makarati 9 pafupifupi 11, siliva 925 amapereka 10.3, bulasi 8.5, chitsulo pafupifupi 7.9. Chikanakhala cha makarati 18 monga chinkanenera chidindo, sikelo ikanawerenga cha m'ma 1.5, osati 2.8. Tinabwereza katatu, nditathiramo kadontho ka sopo ndi kugwedeza tchenicho kuti thovu la mpweya lichoke pakati pa timphete, chifukwa thovu limakweza nambala ya madzi n'kunamizira golide wabwino. Sizinasinthe. Ndinawauza kuti, “Mayi, ndi bulasi wokutira golide. Alamu anuwo mwina nawonso anapusitsidwa, musakawalalatire musanawafunse.” Anachikulunga m'kansalu n'kunena kuti akakambirana ndi bambo a kunyumba.

Njira imeneyi ili ndi malire. Siigwira pa chinthu chamwala, chifukwa mwala umasokoneza nambala. Siigwira pa chibangili kapena ndolo za mphako m'kati, zimene zimaoneka zopepuka ngakhale zili za golide weniweni. Pa kamphete ka magalamu awiri, kuphonya pang'ono kwa sikelo kumasintha yankho kwambiri. Palinso chitsulo chotchedwa tangisiteni chimene chimalemera pafupifupi ngati golide, ndipo akuba ena amachikutira, makamaka pa mphete zonenepa zopanda maluwa.

Nanga asidi?

Osula amakhula chinthucho pa mwala wakuda wosalala, n'kudontheza asidi pa mzere umene watsalapo. Asidi wake amabwera m'timabotolo tolembedwa makarati. Mzere ukasungunuka ndi asidi wa 14 koma n'kupirira wa 9, mwadziwa pamene golideyo ali. Msampha wake ndi woti mukakhula pang'ono, mwangoyeza chokutira. Muyenera kupala kaye ndi tupa pamalo obisika mpaka mufike m'kati, ndipo zimenezo zimafuna chilolezo cha mwini wake. Asidi akagwera pa bulasi amachita thovu lobiriwira. Amaotcha khungu ndi maso, si woti muzisunga m'nyumba ya ana.

Chala changa chabiriwira. Ndagula feki?

Kubiriwira ndi kopa amene wakumana ndi thukuta. Kukachitika pasanathe milungu ingapo, n'zodziwikiratu kuti chokutira chatha ndipo mwavala bulasi. Koma feki ndi chinthu chimene anakuuzani bodza. Ngati anakuuzani kuti n'chokutira ndipo munalipira mtengo wa chokutira, simunaberedwe. Golide wa makarati 9 nayenso amatha kusiya kamzere kakuda pa anthu ena nyengo yotentha ya Okutobala, chifukwa ali ndi kopa wambiri.

Kuyabwa ndi zidzolo pa khutu ndi nkhani ina. Kawirikawiri ndi nikelo, amene opanga ambiri amamuika pansi pa chokutira. Ngati simunayeze ndipo amene munaodako sanakutsimikizireni, musauze kasitomala kuti ndolo “siziyabwitsa”.

Siliva weniweni amada, ndipo kuda kwake si umboni wa feki. Ndi salufa wa mu mpweya amene amamudetsa, mukapukuta amawalanso. Jiki amamudetsa pompopompo, ndipo amafooketsanso golide, choncho vulani mphete musanachape. Mafuta ena oyeretsa khungu amakhala ndi mekyule, amene amayeretsa golide weniweni kukhala mbuu ngati siliva. Ndinaonapo mphete yabwino ikubwezedwa kwa wogulitsa chifukwa cha mafuta amenewa.

Pali zolembedwa “German silver” ndi “Tibetan silver”. Ndi siliva wa kumayiko amenewo?

Ayi. `German silver`, `nickel silver` ndi `alpaca` ndi chisakanizo cha kopa, nikelo ndi zinki, mulibe siliva ngakhale pang'ono. `Tibetan silver` wa m'misika nthawi zambiri ndi zinki kapena zitsulo zina zotchipa. Muzingoti “chitsulo choyera, mulibe siliva”. Golide woyera ndiye ndi golide ndithu, wosakaniza ndi zitsulo zoyera, ndipo pamwamba amamukutira ndi chitsulo chotchedwa rodiyamu kuti awale mbee. Rodiyamuyo akaperepeseka mphete imaoneka yachikasu pang'ono. Muuzeni wogula tsiku logula lomwelo, asadzaganize kuti mwamuika m'thumba.

Miyala nayo mumaigawa bwanji?

M'magulu atatu, ndipo anthu ambiri amaphatikiza lachiwiri ndi lachitatu.

Pali mwala wachilengedwe, wokumbidwa pansi, monga rube ndi safiro za pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu kapena akwamarini wa ku Mzimba. Pali mwala wopangidwa ku fakitale koma wofanana ndi wachilengedwe m'zonse, mankhwala ake ndi kulimba kwake. Rube wotere anayamba kupangidwa kalekale, njira yake anailengeza katswiri wa ku France, Auguste Verneuil, mu 1902, choncho ngakhale mphete ya agogo itha kukhala ndi rube wa ku fakitale. Masiku ano kuli dayamondi wopangidwanso motero. Ameneyo ndi dayamondi ndithu, koma mtengo wake ndi wotsika kwambiri, ndipo kubisa kuti ngwa ku fakitale n'kuba. Gulu lachitatu ndi chongofanizira: chinthu china chimene chikungooneka ngati mwalawo. Galasi lofiira si rube wa mtundu uliwonse. Ndi galasi.

Ndiye mawu ake ndi “rube wachilengedwe”, “rube wa ku fakitale”, “galasi lofiira”. Dzina la mwala likaima lokha, wogula ali ndi ufulu womva kuti ngwachilengedwe. Ngati mwalawo anautentha kuti ukongole, anauthira utoto, kapena anatseka ming'alu yake ndi galasi monga amachitira ndi rube wotchipa, nenaninso zimenezo.

Mphete ya chinkhoswe yalembedwa CZ. Chibwenzi changa chikuti ndi dayamondi wa mtundu wina.

Si dayamondi wa mtundu uliwonse, asisi. `CZ` ndi zirikoniya, mwala wopangidwa ku fakitale umene unayamba kugulitsidwa cha m'ma 1976. Pa mulingo wa kulimba umene umalekeza pa 10, dayamondi ali pa 10, zirikoniya ali pa 8 mpaka 8.5. Ndi wokongola ndipo palibe manyazi kumuvala, koma pakatha zaka zingapo m'mphepete mwake mumaperepeseka ndipo amachita chifunga. Mayina ngati `American diamond` ndi `Russian diamond` pa mapepala ooda katundu nthawi zambiri amatanthauza zirikoniya yemweyu.

Ngati mwalawo uli wosaika pa mphete, sikelo imaulula. Dayamondi wozungulira wa mamilimita 6.5 amalemera pafupifupi karati imodzi, imene ndi magalamu 0.2. Zirikoniya wa msinkhu womwewo amalemera pafupifupi makarati 1.7. Onani kuti karati ya mwala ndi kulemera, pamene karati ya golide ndi kuchuluka kwa golide m'chisakanizo. Mawu amodzi, ntchito ziwiri.

Kuyeza podula galasi la windo musakukhulupirire. Galasi lili cha pa 5.5, choncho zirikoniya amalidula, ngakhale mwala wamba wotchedwa kwatsi wa pa phiri pathu pano amalidula. Kacholembera kamagetsi koyezera dayamondi kamathandiza, koma kamanamizidwa ndi moyisanayiti, mwala wina wa ku fakitale umene umadutsitsa kutentha ngati dayamondi. Moyisanayiti mumamudziwa ndi galasi lokuzira: mukasuzumira chammbali, mizere ya pansi pa mwala imaoneka iwiriiwiri.

Galasi lofanizira mwala ndiye losavuta kulizindikira. Limakhala ndi timathovu tozungulira m'kati, m'mphepete mwake simuthwa, ndipo nthawi zambiri kumbuyo kwake amamatako kapepala konyezimira. Mukaliika pa tsaya limafunda msanga, pamene mwala umakhala wozizira kwa kanthawi.

Nanga miyala imene anyamata amagulitsa pa phiri?

Yambiri ndi yeniyeni, yokumbidwa ku mapiri a Zomba ndi Malosa, ndipo ina imadziwika mpaka kunja. Vuto lake si feki koma mayina. Mwala wakuda wautali ngati pensulo umene alendo amauzidwa kuti ndi “tomalini wakuda” kawirikawiri ndi ejirini, mwala umene Malosa amatchuka nawo. Mukayang'ana kumapeto kwake, tomalini amakhala ngati wa ngodya zitatu zokhota, ejirini amakhala ngati wa ngodya zinayi, ndipo ndi wofewerapo. Wofiirira woonekera m'kati ngati tiyi wopanda mkaka ndi kwatsi wautsi, osati topazi. Chodabwitsa n'chakuti dzina loona ndi limene lingagulitse bwino, chifukwa osonkhanitsa miyala amafuna ejirini wa ku Malosa potchula dzina lake, pamene tomalini wakuda amapezeka paliponse. Ndipo timiyala tonyezimira chikasu timene ena amabwera nato m'botolo n'kumati ndi golide, tikaphwanyika ndi nyundo n'kukhala ufa wakuda, ndi payiraiti. Golide saphwanyika, amaphwatalala.

Amene mukufuna kudziwa dzina lenileni la mwala, likulu la nthambi ya boma yoona za miyala ndi nthaka, Geological Survey, lili momwe muno mu Zomba.

Ndimaoda katundu, sindipanga. Ndilembe chiyani ngati sindikudziwa?

Lembani zimene mwaona ndi zimene mwauzidwa, chilichonse pachokha. “Tcheni cha mtundu wa golide, chadindidwa 18K, sindinayeze” ndi mawu oona. “Tcheni cha golide 18K” ndi lonjezo, ndipo lonjezolo ndi lanu, osati la amene munaodako. Kasitomala akakadandaula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, dzina limene lili pa lisiti ndi lanu.

Ine pa chinthu chilichonse ndimalemba cha m'kati, cha pamwamba, mwala, ndi kulemera ngati chitsulocho n'chamtengo. Pa chithunzi chimene ndimatumiza pa WhatsApp ndi pa lisiti mawu amakhala amodzimodzi. Mwachitsanzo: “Mphete, siliva 925, yokutira rodiyamu, mwala zirikoniya mamilimita 6.” Kapena: “Ndolo, bulasi wokutira golide, miyala yagalasi yofiira, chokutira chimatha.” Kapena: “Mphete yaukwati, golide wa makarati 9, magalamu 3.8, yoyezedwa ndi asidi.” Mawu oti “orijino” ndinawasiya kalekale, chifukwa sanena kuti orijino wa chiyani.

Ndinaphunzira izi movutikira. Chaka china ndinaoda mphete khumi ndi ziwiri zodindidwa 925, ndinagulitsa zisanu ndi ziwiri ngati siliva ndisanayeze ngakhale imodzi. Mphunzitsi wina wa ku Domasi anabwera nayo patatha mwezi, pansi pake patafiira. Nditapala imodzi mwa zotsalazo ndi tupa, m'kati munali kopa. Ndinawaimbira onse asanu ndi awiri. Anayi anabweza n'kutenga ndalama zawo, awiri anati azivalabe ndiwachotsere mtengo, mmodzi foni yake siinapezekenso. Kuyambira pamenepo, katoni iliyonse ikafika ndimapereka chinthu chimodzi nsembe: ndimachipala mpaka m'kati ndisanalembe mtengo pa zinzake, ndipo chopalidwacho chimakhala pa kauntala kuti wofunsa adzionere yekha.